Chubu cha K500 ndi chigubu cha K30,000: chodula n'chiti?

Kwa zaka ziwiri ndinkagulitsa mafuta ophikira a m'machubu pa kabenchi kutsogolo kwa nyumba yanga kuno ku Dzaleka. Ndinkagulitsanso shuga womanga m'timapepala ndi sopo wodula. Madzulo ndikawerenga ndalama za tsikulo, ndinkatapapo zina n'kutuma mwana kukagula wokumani, uja ufa womanga m'tijumbo, woti tiphike nsima. Ndinkachita zimenezi tsiku ndi tsiku osaona vuto lililonse. Tsiku lina bambo a kunyumba anandifunsa kuti, "Mayi, inu mumapeza phindu pa machubu anuwa. Nanga amene akukugulitsani wokumaniyo, phindu lake akulipeza pa ndani?" Ndinasowa choyankha. Mawa lake ndinatenga kope lakale la mwana n'kuyamba kulemba chilichonse chimene tinkagula.

Zimene ndinapeza pakutha pa mwezi ndi zimene ndikufuna kukufotokozerani. Mwachidule, tikamagula pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndalama yotuluka m'manja imaoneka yochepa, koma lita iliyonse ndi kilogalamu iliyonse timailipira modula kuposa amene wagula zambiri nthawi imodzi. Mitengo imene nditchule ndi ya m'kope langa. Pamene mukuwerenga ikhoza kukhala itasintha, koma kawerengedwe kake n'komweko, ndipo mungaikemo mitengo ya lero.

Tiyambe ndi mafuta

Chigubu cha mafuta cha malita 5 ndinkapikula pa K30,000. Ndiye kuti lita imodzi inali K6,000. M'chubu chilichonse ndinkathiramo masupuni aakulu anayi, omwe ndi mamililita pafupifupi 60, ndipo ndinkagulitsa pa K500. M'chigubu chimodzi munkatuluka machubu 80. Pang'ono potsalapo pankathera m'kudontha ndi kumatirira m'chigubu ndi m'fanulo. Machubu 80 pa K500 ndi K40,000. Mafuta omwewo amene ine ndagula pa K30,000, anzanga ankawagula kwa ine pa K40,000.

Tsopano tione mbali ya wogula. Banja la anthu asanu ngati langa limagwiritsa ntchito machubu awiri pa tsiku, china cha ndiwo za masana, china cha madzulo. Ndi K1,000 pa tsiku, ndipo palibe amene amadandaula ndi K1,000. Koma pa masiku 30 ndi machubu 60, ndalama yake K30,000. Mafuta amene alowa mumphika pa mwezi wonsewo ndi malita atatu ndi theka n'kachidutswa, kunena ndendende mamililita 3,600.

Taonani bwino pamenepa. K30,000 yomweyo ikanagula chigubu chathunthu cha malita 5. Mutamathira muyezo womwewo wa machubu awiri pa tsiku, chigubucho chimatha masiku 41. Wogula machubu walipira K30,000 n'kudya masiku 30. Wogula chigubu walipira K30,000 n'kudya masiku 41. Masiku 11 a mafuta apita popanda wakuba aliyense kulowa m'nyumba. Tikawerengera m'ndalama, mafuta a mwezi umodzi pa mtengo wa chigubu ndi K21,600, kutanthauza kuti pa machubu mwaonjezera K8,400.

Chifukwa chiyani zing'onozing'ono zimadula?

Musafulumire kunena kuti ogulitsa ndi mbava. Ine ndinali mmodzi wa iwo, ndipo K10,000 yoonjezera pa chigubu sinkalowa yonse m'thumba mwanga. Timapepala ta machubu ndinkagula, pafupifupi K1,000 pa chigubu chilichonse. Wa kabaza wonditengera katundu ndinkamulipira. Machubu ena ankaphulika, ena ankatengedwa pa ngongole ndi anthu amene sanabwerenso. Kumanga machubu 80 kumatenga madzulo athunthu, ndipo kuti onse athe ndinkakhala pa benchi masiku asanu ndi awiri kapena kuposa. Zonsezi zimayenera kubwera kuchokera kwa wogula. Chinthu chikamadutsa m'manja ambiri, kuchoka kufakitale, kufika kusitolo yopikulitsa, kuokala, mpaka pa benchi langa, aliyense amaikapo kake. Wogula chubu ali kumapeto kwenikweni kwa mzere, ndiye amalipirira onsewo.

Chifukwa chachiwiri ndi nkhani ya chenje. Nditawerengera zonse, chubu chinkayenera kukhala pa K430 kapena K450. Koma ndani amayenda ndi chenje chotere? Mtengo umakwezedwa kufika pa ndalama yosavuta kupereka, K500. Pa chigubu chathunthu, kuonjezera K50 sikumveka n'komwe. Pa chubu, K50 imabwerezedwa nthawi iliyonse imene mwagula, maulendo 60 pa mwezi, ndipo imakwana K3,000.

Chifukwa chachitatu ndi chobisika kwambiri, ndipo n'chimene ndimachita nacho manyazi. Mitengo yopikulira ikakwera, ogulitsa zing'onozing'ono nthawi zambiri sitikweza mtengo, chifukwa kasitomala amathawira kwa mnzathu. Timachepetsa muyezo. Ambiri mukukumbukira mmene zinthu zinakwerera ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi ngati imeneyo, mfundo ya chubu imangotsika pang'ono. Mtengo uli pomwepo, koma masupuni anayi asanduka atatu ndi theka. Botolo lotseka la kufakitale limalembedwa kuchuluka kwake, ndipo mtengo ukakwera mumaona. Chubu, kajumbo ka ufa ndi kapepala ka shuga sizilembedwa kalikonse. Mumangodabwa kuti masiku ano mafuta sakukwanira ndiwo.

Mmene mungayezere nokha

Funso lofunika pogula si lakuti "Kameneka ndi zingati?" koma lakuti "Lita imodzi, kapena kilogalamu imodzi, ndikuilipira zingati?" Kuti muyankhe simufunika sukulu yambiri. Mufunika kudziwa zinthu ziwiri zokha: kuchuluka kwa zimene zili m'kapaketiko, ndi mtengo wake.

Pa mafuta chitani chonchi. Musanatsegule chubu, ikani chizindikiro ndi cholembera pamene mafuta alekeza. Mukathira mafutawo mumphika, dzazani chubu chomwecho ndi madzi kufika pachizindikiro paja, n'kukhuthulira m'botolo lopanda kanthu la mamililita 500, ngati la madzi akumwa ogula. Bwerezani mukuwerenga mpaka botolo lidzaze. Likadzaza ndi machubu asanu ndi atatu, ndiye kuti lita imodzi imafuna machubu 16. Machubu 16 pa K500 ndi K8,000. Tsopano funsani mtengo wa botolo la lita imodzi, la malita awiri ndi chigubu cha malita 5, n'kugawa mtengo uliwonse ndi malita ake. Mukatero mwafananitsa zinthu zofanana. Ngati muli ndi kakapu koyezera mankhwala a ana kolembedwa mamililita, katsukeni bwino n'kuyezera momwemo, n'chachangu.

Pa ufa ndi shuga mufunika sikelo. Tengani kajumbo kamodzi, pemphani wa okala kapena wogulitsa nyemba kuti akuikireni pa sikelo yake. Kuyeza kamodzi kokha n'kokwanira kukutsegulani maso. Pa sopo n'kosavuta: ikani chidutswa chimene mwagula pambali pa mtanda wathunthu, muone kuti mumtandamo mungatuluke zidutswa zingati.

Zimene kope langa linaonetsa

Ufa ndi umene unandipweteka mtima kwambiri. Wokumani wa mgaiwa tinkagula pa K900, ndipo pa sikelo ankalemera theka la kilogalamu. Ndiye kuti kilogalamu imodzi inali K1,800. Tinkadya tijumbo titatu pa tsiku, K2,700. Pa mwezi ndi makilogalamu 45 a ufa, ndalama yake K81,000.

Nthawi yomweyo thumba la chimanga la makilogalamu 50 linali pa K52,000. Kugayitsa thumba lonse kuchigayo kunali K5,000, kunyamulitsa K3,000. Zonse pamodzi K60,000. Mukapeta n'kugayitsa mgaiwa, mumatsala ndi ufa wokwana makilogalamu pafupifupi 48, chifukwa zinyalala zimachoka ndipo ufa wina umatsalira kuchigayo. K60,000 kugawa ndi 48 ndi K1,250 pa kilogalamu. Makilogalamu 45 a pamwezi aja akanatidyera K56,250 m'malo mwa K81,000. Kusiyana kwake ndi K24,750.

Apa chenjerani ndi chinthu chimodzi. Kuwerengera kumeneku ndi kwa mgaiwa. Ngati kwanu mumadya ufa woyera, chimanga chimayamba chakonoledwa, ndipo madeya amachotsa gawo lalikulu la thumba, kotala kapena kuposa. Mumalipiranso kuchigayo kawiri, pokonola ndi pogaya. Mukafananitsa wokumani wa ufa woyera ndi thumba la chimanga, gawani ndalama zonse ndi ufa umene watsaladi, osati ndi 50. Mukapanda kutero mudzadzinamiza kuti mwapulumutsa zambiri kuposa zenizeni.

Shuga ndi sopo zinali ndi kusiyana kocheperako. Kapepala ka shuga ka K300 kankalemera magalamu 60, ndipo tinkagula kamodzi pa tsiku ka tiyi wa m'mawa: K9,000 pa mwezi. Paketi ya kilogalamu inali K3,500, ndipo shuga yemweyo wa mwezi akanakwana K6,300. Kusiyana K2,700. Sopo wa mtanda anali K4,000, koma akamudula zidutswa zisanu, chilichonse chinkagulitsidwa K1,000. Tinkatha zidutswa khumi pa mwezi, K10,000, pamene mitanda iwiri ndi K8,000. Kusiyana K2,000.

Mafuta ine ndinkangotapa pa malonda anga, koma tikawerengera banja logula machubu, zinthu zinayizi pogula pang'onopang'ono zimakwana K130,000 pa mwezi. Pogula zambiri nthawi imodzi zimakwana K92,150. Ndalama yopita pachabe ndi K37,850. Pa mtengo wa K1,250 uja, imeneyi ndi ufa wa makilogalamu 30, nsima ya masiku 20 ya banja lonse. Onaninso kuti pa K37,850 imeneyi, ufa ndi mafuta zokha zatenga K33,150. Choncho amene sangathe kusintha zonse asavutike ndi shuga ndi sopo. Ayang'ane pa ziwirizi.

Nanga ndalama yoyambira ichokera kuti?

Ndikudziwa zimene ambiri mukunena mumtima: "Zonsezi tikuzidziwa, koma K30,000 ya nthawi imodzi tiipeza kuti?" Funso limeneli ndi loona. Palibe amene amagula chubu chifukwa chopusa. Munthu amene wagwira ganyu n'kulandira K3,000 madzulo, ana akudikira, amagula zimene K3,000 ingagule. Ndipo apa ndi pamene msampha uli: chifukwa chogula modula, sutsala ndi kanthu, ndipo chifukwa chosatsala ndi kanthu, mawa ugulanso modula. Sindikunena kuti kutulukamo n'kosavuta, makamaka thandizo likachepa kapena kuchedwa. Koma pali njira zitatu zimene ndaziona zikugwira ntchito.

Yoyamba ndi kugwiritsa ntchito bwino tsiku lolandira ndalama za thandizo. Kwa mabanja ambiri ndi tsiku lokhalo limene ndalama imakhala pamodzi. Ikangogona m'nyumba masiku atatu, imayamba kutuluka K500, K1,000, mpaka yatha. Musanakalandire, gwirizanani m'banja chinthu chimodzi chimene mugule chachikulu, ndipo chigulidwe tsiku lomwelo kapena pa msika wa Lachiwiri wotsatira. Ngati muli ndi ngongole kuokala, kambiranani ndi mwini wake kuti mubweze mwapang'onopang'ono, chifukwa ngongole ikameza ndalama yonse tsiku loyamba, mwezi wonsewo mubwereranso ku tijumbo.

Yachiwiri ndi kusonkha. Mabanja asanu akapereka K6,000 aliyense, agula chigubu cha malita 5 n'kugawana lita imodzi imodzi. Lita imeneyo imatha masiku asanu ndi atatu, amene pa machubu akanadya K8,000. Thumba la chimanga mabanja awiri angagawane pakati. Kuti pasakhale mkangano, ndalama zilembedwe, okagula akhale awiri, ndipo kugawana kuchitike onse alipo, ndi botolo limodzi kapena ndowa imodzi yoyezera. Mnzanga wina atandifunsa kuti, "Achemwali, bwanji osangondikhulupirira?" ndinamuyankha kuti, "Ndimakukhulupirirani, n'chifukwa chake ndikufuna tiyezere pamaso pa onse, kuti chibale chathu chisathere pa supuni ya mafuta." Amene ali m'chipereganyu kapena banki mkhonde angagwiritse ntchito ulendo wawo wolandira kugula thumba loyamba. Koma kutenga katapila kuti mugule zambiri n'kudzinamiza, chifukwa chiwongoladzanja chimadya zonse zimene mukanapulumutsa.

Yachitatu ndi imene imathandiza kuti musabwerere m'mbuyo. Mukagula chigubu choyamba, pitirizani kulipira ngati mukugulabe machubu, koma muzilipira m'chitini chanu. K1,000 ija imene munkapereka pa benchi, iponyeni m'chitini tsiku lililonse. Pomatha masiku 41, m'chitini muli K41,000. Mugula chigubu china pa K30,000 n'kutsala ndi K11,000, imene ingayambe kusonkhera chimanga. Mukapanda kutero, chigubu chidzatha mulibe kanthu m'manja, ndipo mudzabwerera pa chubu. Ndaona mabanja ambiri akugwa pamenepa. Amamva ngati mafuta ndi aulere kwa mwezi wathunthu, ndiye K1,000 ya tsiku ndi tsiku imangosowa mosadziwika.

Pamene kugula zambiri kumabweretsa chitayiko

Kugula zambiri sikupulumutsa ndalama nthawi zonse, ndipo ine ndinaluzapo. Vuto loyamba ndi dzanja. Chubu chili ndi ubwino umodzi: chimakuyezerani. Chigubu chikakhala pafupi ndi mbaula, aliyense wophika amangopendeketsa. Mukamathira muyezo wa machubu atatu pa tsiku m'malo mwa awiri, chigubu chimatha masiku 27 kapena 28. Ndiye kuti mwawononga K30,000 mwezi usanathe, kuposa mmene munkawonongera pa machubu. Chizindikiro chake n'chosavuta: lembani tsiku lotsegulira pachigubupo. Chikatha masiku 30 asanakwane, simunapindule kanthu. Ine ndimasunga chigubu kuchipinda, n'kuthira mafuta a sabata imodzi m'botolo laling'ono, ndipo pophika timayeza ndi supuni, masupuni anayi pa mphika. Ufa nawonso timayeza ndi kapu imodzi yodziwika.

Vuto limeneli lili ndi mnzake. Anthu akadziwa kuti m'nyumba mwanu muli thumba, obwereka amachuluka, ndipo n'kovuta kumana mnansi amene ana ake agona ndi njala. Kuthandizana ndi khalidwe lathu, sindikuletsa. Koma patulani pasadakhale gawo limene mungathe kupereka, kuti likatha muzinena zoona kuti latha.

Vuto lachiwiri ndi kuwonongeka. Mgaiwa sukhalitsa ngati ufa woyera, chifukwa uli ndi mtima wa chimanga umene uli ndi mafuta. Ukakhala nthawi yaitali, makamaka nyengo yotentha kapena ya mvula, umayamba fungo ndi kuwawa. N'chifukwa chake ndi bwino kusunga chimanga chosagaya n'kumagayitsa cha masabata awiri basi. Ufa ukachoka kuchigayo umakhala wotentha, choncho uyanikeni uzizire musanautsekere mu ndowa.

Chimanga chenichenicho muchione musanalipire. Pisani dzanja mpaka pakati pa thumba, osangoona pamwamba. Mukaona timabowo m'maso a chimanga ndi ufa pansi pa thumba, anankafumbwe alowa kale. Lumani diso limodzi: louma bwino limasweka ndi phokoso, lachinyezi limangofinyika. Njira ina ndi kuika chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, kutseka, kukhutchumula n'kudikira mphindi zochepa. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume mokwanira kuti chisungidwe. Chimanga chachuku, chosintha mtundu kapena chonunkha chinyontho musagule ngakhale chitatchipa bwanji. Chuku china chimatulutsa poizoni amene saphedwa ndi kuphika, ndipo amawononga chiwindi. Mukafika nalo kunyumba, thumba likhale pa matabwa kapena njerwa, lisakhudze pansi kapena khoma. Ngati denga lanu limadontha kapena makoswe ndi ambiri, gulani theka la thumba. Kutaya makilogalamu khumi pa thumba limodzi kumadya pafupifupi theka la phindu lonse lija.

Ndipo thumbalo liikidwe pa sikelo inu mukuona. Si thumba lililonse lotchedwa la makilogalamu 50 limene limakwanadi 50. Mukagula ndi ndowa, onani ngati pansi pake sipanamenyedwe kulowa m'kati.

Vuto lachitatu ndi mayendedwe. Mwina mwamva kuti ku Lilongwe kapena ku Mponela chigubu n'chotsikirako mtengo. Werengerani ulendo wopita ndi wobwera, katundu, tsiku la ganyu limene mwataya, komanso kuti kutuluka mumsasa kumafuna chilolezo. Ngati chigubu chatsika ndi K2,000 koma ulendo ukudya K6,000, mwaluza. Ulendo wotere umapindula pokhapokha katundu ndi wa mabanja ambiri. Nthawi zambiri kufunsa mitengo m'masitolo atatu a pafupi kumathandiza kuposa kupita kutali.

Vuto lachinayi ndi kumangirira ndalama zonse pa chakudya. Mukagula thumba ndi chigubu n'kutsala opanda ngakhale K1,000, mwana akadwala usiku mudzagulitsa ufa womwewo motchipa kapena kukongola. Siyani kangachepe pambali, ngakhale zitatanthauza kugula botolo la malita awiri m'malo mwa chigubu. Botolo la malita awiri limatsikabe mtengo poyerekeza ndi machubu.

Pomaliza, si chachikulu chilichonse chimene n'chotchipa. Nthawi zina paketi ya makilogalamu awiri imadula kuposa mapaketi awiri a kilogalamu imodzi imodzi. Musakhulupirire kukula kwa paketi. Gawani mtengo ndi kulemera kwake nthawi zonse.

Zoyenera kugula zambiri ndi zosayenera

Lamulo limene ndimatsata ndi ili: gulani zambiri pa chinthu chimene mumagwiritsa ntchito tsiku lililonse, chimene sichiwonongeka msanga, ndipo muli ndi malo abwino ochisungira. Chimanga chouma, mpunga, nyemba zouma, mafuta, shuga, mchere ndi sopo zimakwanira pa lamuloli. Sopo wa mtanda amachita bwino kumudula nokha n'kumusiya aume pamthunzi, chifukwa sopo wouma sasungunuka msanga pochapa. Mafuta asungidwe otseka, kutali ndi dzuwa ndi moto. Mafuta ndi shuga opangidwa m'mafakitale a ku Malawi amathiridwa vitamini A, ndipo dzuwa limaononga vitamini ameneyu, choncho chubu chimene chakhala pa benchi padzuwa masiku angapo chataya zina zimene mwalipirira.

Matimati, masamba, nsomba zaziwisi, nyama ndi buledi gulani za tsiku limenelo. Mulu waukulu wa matimati wotchipa, theka lake likaola, wasanduka wodula kuposa mulu waung'ono. Ndipo kwa munthu wokhala yekha, kapena wokhala m'chipinda chimodzi ndi anthu ambiri popanda potsekera katundu, kugula pang'ono kapena kusonkha ndi anzake n'kwanzeru kuposa kusunga thumba limene lidzafumbwa kapena kubedwa.

Ngati mukufuna poyambira, sabata ino musasinthe kalikonse pa kagulidwe kanu. Ingolembani zimene mwagula tsiku lililonse ndi mtengo wake, yezani chubu chimodzi ndi kajumbo kamodzi ka ufa, ndipo pa msika wa Lachiwiri mufunse mtengo wa chigubu ndi wa thumba. Mukaonkhetsa za masiku asanu ndi awiri n'kuchulukitsa kanayi, mudzaona chinthu chimene chikukudyerani ndalama zambiri m'nyumba mwanu. Kwathu chinali ufa, ndipo tinayamba ndi theka la thumba, logawana ndi banja loyandikana nalo.